Jekete Lili Pampando: Mmene Kasewero Koseketsa ka Kuntchito Kamalembedwera

Amene anaonerako Izeki ndi Jakobo amakumbukira kuti awiriwa sankafuna katundu wambiri kuti holo yonse ife ndi phwete. John Nyanga, yemwe anali Izeki, anamwalira mu 2016, ndipo Eric Mabedi, Jakobo uja, anatsatira mu 2021, koma kachitidwe kawo anthu sanakaiwale: anthu awiri, mmodzi wokakamira maganizo okhota, mnzake akuyesetsa kumuwongola, mpaka nkhani kuphulika. Masiku ano timasewero toseketsa tasamukira pa foni. Achinyamata akujambula timakanema ta pa TikTok ndi Facebook, ndipo m'maofesi ambiri phwando lotsekera chaka sililephera kukhala ndi anthu atatu anayi oti aseketse anzawo.

Chovuta n'chakuti timasewero tambiri timayamba bwino koma kutha kwake kumakhala kwa mwendo umodzi. Ochita sewero akasowa potsekera amayamba kuthamangitsana, kapena kumenyana ndi tsache, kapena mmodzi amatembenukira oonerera n'kuyamba kulalikira. Anthu amaomba m'manja chifukwa aona kuti zatha, osati chifukwa aseka. Vutoli silichokera pansanja. Limachokera papepala, kapena kunena zoona, pa kusowa kwa pepala.

Kuntchito ndi malo okoma kuikako sewero lalifupi, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. Kasewero ka mphindi ziwiri kapena zitatu kalibe nthawi yofotokoza kuti uyu ndi yani ndipo akuopa yani. Mu ofesi zimenezi zimadziwika kale. Munthu akangolowa atanyamula fayilo m'khwapa, wina n'kuimirira msangamsanga, oonerera adziwa kale wamkulu ndi wamng'ono, wopempha ndi wopemphedwa. Wailesi ya MBC inaona zimenezi kalekale ndi sewero la Pamajiga, lomwe nkhani zake zinkazungulira pa moyo wa apantchito. Ku Britain, Ricky Gervais ndi Stephen Merchant anatulutsa The Office pa BBC mu 2001, nkhani ya kampani yogulitsa mapepala m'tauni ya Slough, yomwe bwana wake amadziona ngati wokondedwa ndi aliyense pomwe antchito ake akungomupirira. Palibe chachilendo chimene chimachitika mu ofesi imeneyo, ndipo n'chifukwa chake anthu anaikonda.

Komabe kungoika sewero mu ofesi sikuseketsa munthu. Wolemba amayenera kupeza chizolowezi chimodzi chenicheni chimene oonerera ake anachionapo ndi maso. Kuno kwathu zilipo zambiri: buku losaina nthawi yofikira pantchito, misonkhano imene anthu amafunsa za alawansi asanafunse mutu wake, netiweki imene imagwa munthu akangofika kutsogolo kwa mzere. Mwa zonsezi, chimodzi chimene pafupifupi aliyense wofuna thandizo mu ofesi anakumanapo nacho ndi jekete lopachikidwa pampando. Mwini wake palibe, koma wofunsa amauzidwa kuti bwana angotulukako pang'ono, si ilo jekete lawo. Nkhani ino itsata chitsanzo chimenechi kuyambira poyambira mpaka pothera.

Chizolowezi chikapezeka, ntchito yachiwiri ndi kuchisandutsa lamulo limene munthu mmodzi m'seweromo amalikhulupirira ndi mtima wonse. Apa lamulo lake ndi ili: jekete likakhalapo, bwana alipo. Wolikhulupirira ndi mesenjala. Si wabodza, si waulesi, ndipo sakubisa bwana wake. Iye akuona kuti akunena zoona zokhazokha. Mfundo imeneyi ndi yaikulu, chifukwa mesenjala wonama amangokwiyitsa oonerera, pomwe mesenjala wokhulupirira amawaseketsa. Pambali pake pamafunika munthu wa nzeru zabwinobwino, woimira oonererawo, amene azifunsa mafunso amene iwo akanafunsa. Popanda munthu wotereyu palibe choyezera kukhota kwa mnzakeyo, ndipo anthu awiri okhota pamodzi amangosanduka phokoso.

Gulu la Monty Python linachita zomwezi mu 1969 m'kasewero kawo kotchuka ka chinkhwe chakufa. John Cleese amabweza kushopu chinkhwe chimene wangogula kumene, chifukwa ndi chakufa, ndipo Michael Palin, wogulitsa, amakana kwamtuwagalu kuti mbalameyo yafa, amvekere ikungopumula. Nkhani yonse yagona pa mkangano umodzi umenewu. Chodabwitsa n'chakuti gululi linkadziwika ndi kuthawa mawu otsekera: nthawi zambiri linkangodula sewero pakati n'kulumphira ku lina. Pa wailesi ya kanema, pomwe pali timasewero tambiri totsatizana, zimenezi zimatheka. Anthu atatu amene aimirira kutsogolo kwa anzawo paphwando alibe kolumphira. Iwo ayenera kutseka.

N'chifukwa chake wolemba wochenjera amayamba ndi mawu omaliza. Asanalembe moni wa munthu woyamba kulowa, amadzifunsa kuti: lamulo lokhotali likatsatidwa mpaka kumapeto, lifika pati? Ngati jekete kukhalapo ndiye kuti bwana alipo, nanga jekete likachoka? Yankho la funso limeneli ndilo mawu otsekera, ndipo china chilichonse m'seweromo chimalembedwa kuti chifikitse anthu pamenepo. Zili ngati kutchera diwa: mwala, timitengo ndi nyambo zimaikidwa mosamala kwa nthawi, koma kugwa kwake n'kamodzi.

Nako kaseweroko, kolembedwa ngati chitsanzo. Ochita ndi atatu: Mesenjala, Mayi, ndi Bambo wachikulire. Pansanja pali tebulo, mpando wa bwana wopachikidwa jekete lakuda, mpando wina moyang'anizana nawo wopachikidwa juzi, ndi benchi ya odikira. Bambo wakhala kale pabenchi, maso ali pa jekete. Mayi akulowa ndi envelopu.

MAYI: Odi. Bwana alipo? Ndabwera ndi kalata yoti asaine.

MESENJALA: Alipo, mayi. (Aloza jekete.) Khalani pabenchipo.

MAYI: Koma pampandopo palibe munthu.

MESENJALA: Munthu angasiye jekete lotere n'kupita kutali?

BAMBO: (Osachotsa maso pa jekete.) Ndi labwinodi. Taonani msoko wa paphewapo.

MAYI: Achimwene, ine ndinabwera Lolemba, jeketeli linali pomwepa. Lachitatu, pomwepa.

MESENJALA: Mwaonatu kukonda ntchito kwake. Chaka chino sanajombepo ngakhale tsiku limodzi.

(Mesenjala achotsa patebulo kapu ya tiyi wozizira, aikapo ya wotentha, ndi manja awiri.)

MAYI: Tiyiyo amwa ndani?

MESENJALA: Tsitsani mawu, mayi. Ali pamsonkhano.

MAYI: Ndi yani?

MESENJALA: (Aloza juzi.) Ndi akauntanti.

(Bambo adzuka mwakachetechete, achotsa jekete pampando, alisansa, alikoleka pamkono.)

MESENJALA: Aaa, madala! Mukugwira bwana?

BAMBO: (Atulutsa tepi yoyezera m'thumba, aikoleka m'khosi.) Ndine telala. Anangondipatsa theka mu Malichi. Akamaliza kulipira, alipeza kushopu.

(Bambo alowera kukhomo. Mesenjala athamanga kukamutsegulira chitseko, awerama jekete likamadutsa, atseka, kenako atembenukira Mayi.)

MESENJALA: Mwadzionera nokha, mayi. Bwana atuluka.

(Magetsi azima.)

Sewero lonse ndi limenelo. Likachitidwa mosathamanga limakwana mphindi ziwiri kapena kupitirirako pang'ono, ndipo lilibe mzere ngakhale umodzi umene ukungodzaza malo. Ndi bwino kuliphwasula kuti zione mmene zidutswa zake zagwirizirana.

Lamulo likumveka pa mzere wachiwiri. Mayi wafunsa, Mesenjala wayankha n'kuloza jekete, basi oonerera adziwa masewera amene akuseweredwa. Olemba ongoyamba kumene amakonda kutsogoza malonje ataliatali: mwadzuka bwanji, kaya kunyumba, ana ali bwanji, minibasi inavuta. M'moyo weniweni ulemu umafuna zimenezo, koma m'kasewero ka mphindi ziwiri malonje a masekondi makumi atatu adya gawo limodzi la magawo anayi a nthawi yonse, munthu asanamwetulire n'komwe. "Odi" mmodzi akukwanira kusonyeza kuti Mayi ndi munthu waulemu.

Kenako lamulolo likukwera masitepe atatu, ndipo lililonse ndi lalitali kuposa linzake. Poyamba jekete ndi umboni chabe wakuti bwana ali pafupi, zimene munthu aliyense anamvapo. Kachiwiri jekete layamba kuwerengedwa ngati wantchito amene sajomba. Kachitatu likulandira tiyi ndipo lili pamsonkhano ndi juzi. Dongosolo limeneli silingasinthanitsidwe. Msonkhano wa jekete ndi juzi utabwera poyamba, nkhani ya kusajomba ikanamveka yozizira, chifukwa oonerera akanakhala ataona kale chachikulu. Wolemba akafuna kudziwa ngati masitepe ake ali bwino, aziyesa kuwasinthanitsa. Akaona kuti sewero silikuwonongeka, adziwe kuti sakukwera, akungobwereza nthabwala imodzi ndi mawu ena.

Atatu si lamulo la m'Baibulo, koma pali chifukwa chake. Kamodzi anthu amangoona, kachiwiri amazindikira kuti pali kachitidwe, kachitatu amayembekeza ndipo amakondwa kuti chimene amayembekezacho chabwera mopitirira. Pofika kachinayi ndi kachisanu amakhala atatsogola, akudikira wolemba kuti awapeze. Pa kasewero ka jekete pali zambiri zimene zikanawonjezedwa: jekete kupatsidwa alawansi, jekete kukwezedwa paudindo, jekete kupita kutchuthi. Zonse n'zoseketsa, ndipo zonse zinayenera kutsala kunja. Wofuna kuzigwiritsa ntchito alembe sewero lina.

Mzere wofunika kuuyang'anitsitsa ndi wa Bambo uja woyamikira msoko wa paphewa. Pomwe ukunenedwa, oonerera amangouona ngati ndemanga ya nkhalamba yotopa ndi kudikira. Telala akadziulula, mzerewo umabwerera m'mutu mwawo: eya, n'chifukwa chake amayang'ana msoko! Kuseka kumene kumabwera pamenepa n'kokoma kuposa kwa chinthu chongogwa kuchokera kumwamba, chifukwa munthu amamva kuti akanatha kuzindikira koma wapusitsidwa mwachilungamo. Pali njira ziwiri zolakwitsira apa. Bambo atalowa ndi tepi m'khosi kuyambira pachiyambi, theka la holo likanadziwa kuti ndi telala ndipo chinsinsi chikanatha. Atakhala osalankhula chilichonse mpaka nthawi yodzuka, oonerera akanadabwa kuti munthuyu wachokera kuti, ndipo kudabwa kotero kumapha chiseko. Mzere umodzi wonena za msoko ndiwo muyeso wake.

Chimene ambiri sazindikira n'chakuti kudziulula kwa telala si mawu otsekera. Ndi pokhotera chabe. Anthu aseka ndithu akamva kuti jekete la bwana ndi la ngongole, ndipo wolemba wosazolowera akhoza kuimira pomwepo. Koma seweroli si la telala kapena la ngongole. Ndi la Mesenjala ndi lamulo lake, choncho mawu omaliza ayenera kutuluka pakamwa pake, ndipo ayenera kusonyeza kuti ngakhale zonse zaululika, iye sanasunthe ngakhale pang'ono. Akanati, "Pepani mayi, zoona zake bwana sanabwere sabata yonse," bwenzi atachira ku misala yake, sewero n'kufera pomwepo. M'malo mwake amatsegulira jekete chitseko, amaliweramira, n'kulengeza kuti bwana atuluka. Kwa nthawi yoyamba akuvomereza zimene Mayi wakhala akunena, koma pa chifukwa cholakwika kotheratu.

Kaimidwe ka chiganizo chomalizacho nakonso n'kofunika. Mawu amene akuphulitsa chiseko ndi "atuluka", ndipo ali kumapeto kwenikweni. Chiganizocho chitatembenuzidwa kukhala "Bwana atuluka, mwadzionera nokha, mayi," anthu akanayamba kuseka pakati n'kumiza mawu otsalawo, kapena akanadziletsa kuti amve zotsatira, ndipo chiseko chodziletsa sichibwereranso ndi mphamvu yomweyo. Kulinso chiyeso chowonjezera kuti "Mubwere mawa." Ndi mawu odziwika, ndipo ena angaseke. Koma akukokera maganizo a oonerera ku dandaulo lina, la kuzengereza kwa m'maofesi, pomwe iwo anali pa jekete. Gulu likhoza kuyesa njira zonse ziwiri pokonzekera n'kumva yomwe ikulira bwino, komabe kawirikawiri yaifupi ndiyo imapambana.

Chichewa chimathandiza wolemba pamenepa. Mayi akamanena za jekete amati "linali pomwepa", ngati chinthu. Mesenjala amati "alipo", "sanajombepo", "ali pamsonkhano", ndi ulemu wopereka kwa munthu wamkulu. Mkangano wonse ukumveka m'kalankhulidwe kawo popanda wina kuufotokoza. Wochita Mesenjala akangoterereka kamodzi n'kunena kuti "lili pamsonkhano", waulula kuti akudziwa kuti ndi chovala, ndipo mawu omaliza aja ataya theka la mphamvu yake. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zolembera sewero papepala m'malo mongogwirizana pakamwa.

Magulu ambiri a zisudzo za Chichewa anazolowera kugwirizana za mutu wa nkhani, kenako aliyense n'kumapeka mawu ake pansanja. Akatswiri amene achita limodzi kwa zaka amatha, chifukwa amadziwana mpweya. Kwa anthu a mu ofesi amene akonzekera masana awiri okha, njira imeneyi imathera m'kutalikitsa: aliyense akamva anthu akuseka amafuna kuwonjezera yake, ndipo kasewero ka mphindi ziwiri kamafika khumi. Njira yabwino ndi kulola kupeka pokonzekera, kulemba zimene zaseketsa, kenako kutseka pepala. Mizere itatu isakhudzidwe ndi aliyense: woyamba wa lamulo, wa msoko wa paphewa, ndi womaliza.

Kalembedwe kake papepala n'kosavuta. Pamwamba pamakhala malo ndi katundu wofunika. Dzina la wolankhula limalembedwa m'zilembo zikuluzikulu, mawu ake n'kutsatira, ndipo zochita zimaikidwa m'mabulaketi, mwachidule, zokhazo zimene zikusintha nkhani. "Aika kapu ndi manja awiri" n'chofunika chifukwa chikusonyeza ulemu. "Ayang'ana mokwiya kwambiri" n'chosafunika, wochita sewero adziwa yekha. Olemba mafilimu amawerengera kuti tsamba limodzi ndi pafupifupi mphindi imodzi, koma m'kasewero kokhala ndi zochita zambiri zopanda mawu, monga aka, chodalirika ndi wotchi ya pa foni.

Zochita zopanda mawuzo ndi pomwe ambiri amathamangira, pomwe ndi pofunika kudekha. Kuchokera pamene telala wamaliza kulankhula mpaka pamene Mesenjala akutembenukira Mayi pamadutsa masekondi angapo opanda wolankhula. Ochita sewero ongoyamba amaopa bata limeneli ndipo amafuna kulidzaza, mwina Mayi n'kuyamba kuwomba m'manja kapena kukuwa kuti "Mwayaluka!" Batalo ndilo likukoka chingwe. Oonerera akuganiza kuti Mesenjala wagonja, akudikira kuona manyazi ake, ndiye akuona akuweramira jekete. Mayi ayenera kungoima chilili, envelopu m'manja. Ndipo Mesenjala asamwetulire. Wochita sewero amene amaseka nthabwala yake amakhala wauza anthu kuti iyenso akuona kupusa kwake, zimene munthu wa m'seweroyo sakuona.

Mawu omaliza akangonenedwa, pasakhalenso china. Pomwe pali magetsi, azime. Pomwe palibe, monga pabwalo kapena m'chipinda cha misonkhano, onse aime osagwedezeka kwa masekondi awiri kapena atatu, kenako awerame pamodzi. Pa kanema wa pa foni, wodula adule pomwepo, asadikire kuti Mayi apukuse mutu n'kutuluka. Phokoso la kuseka lojambuliratu, limene ambiri amaika m'timakanema tawo, silipulumutsa mathero ofooka, ndipo pa mathero abwino limangosokoneza.

Pali chizolowezi china chozama kwambiri chimene wolemba wa kuno amalimbana nacho, cha kutsiriza ndi phunziro. Chili ndi mbiri yake. Zisudzo zambiri m'Malawi zakula ndi ntchito yophunzitsa anthu za umoyo ndi chitukuko, ndipo sewero ngati Tikuferanji, lomwe linatchukitsa Michael Usi ngati Manganya asanakhale wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024, linakhazikitsidwa ndi cholinga chopereka uthenga, makamaka wa Edzi. Kumeneko uthenga ndiwo mwini nyumba. M'kasewero ka jekete, Mayi atatembenukira anthu n'kunena kuti "Abale, tiyeni tizikhala pantchito," palibe chatsopano chimene wawauza. Aliyense wamva kale, ndipo bwana amene amasiya jekete, ngati ali m'holomo, wamva kuposa onse.

Seweroli lilinso ndi malire ake. Pa wailesi silingayende momwe lalembedweramu, chifukwa nthabwala zake zikuluzikulu ndi za maso: kuloza, tiyi, kuwerama. Wofuna kulipititsa pa wailesi ayenera kupatsa Mayi ntchito yoonera omvera, kuti azinena zimene akuona ngati wodabwa: "Achimwene, tiyiyo mukupatsa jekete?" Kapu imveke ikugunda patebulo, chitseko chilire potseguka, ndipo m'malo mowerama Mesenjala anene kuti, "Muyende bwino, bwana." Kwa anthu amene sanalowepo mu ofesi yotere, monga ana a ku pulayimale, maziko ake sagwira, ndipo wolemba ayenera kufuna chizolowezi china cha kumene iwo amakhala.

Nanga za ukhondo wa nthabwala? Kasewero ka kuntchito kamaoneredwa ndi bwana, mlonda, mayi wokolopa, mwinanso akazi ndi amuna a antchito, onse m'chipinda chimodzi, ndipo Lolemba onsewo adzakumananso. Zolaula, kunyoza mtundu wa anthu, kuseka chilema kapena kalankhulidwe ka munthu wa kumudzi zimabweretsa chiseko chamsanga, koma ndi chiseko chimene theka la anthu likuseka likuyang'ana pansi. M'chitsanzochi palibe amene wanyozedwa chifukwa cha mmene anabadwira. Mesenjala akusekedwa chifukwa cha kukhulupirika kopitirira muyeso, kumene ndi khalidwe labwino lopita patali. Mayi ndi telala akutuluka ndi ulemu wawo. Amene walandira chikwapu ndi bwana, wamphamvu kuposa onse, yemwe sanaonekere n'komwe. Nthabwala yokwera chokwera chotere anthu amaiseka momasuka kuposa yotsikira kwa wofooka.

Ukhondo si kufooka. Daliso Chaponda, Mmalawi amene anafika pa nambala yachitatu pa mpikisano wa Britain's Got Talent mu 2017, anachita zimenezo pa pulogalamu yoonera banja lonse, pomwe nthabwala iyenera kudalira kapangidwe kake. Zolaula nthawi zambiri zimabisa nthabwala yosamangidwa bwino. Njira yoyesera ndi kuchotsa mawu otukwanawo: ngati palibe chotsala choseketsa, ndiye kuti panalibe nthabwala kuyambira kale.

Kuyesa komaliza kumachitika pa anthu enieni. Gulu likakonzekera kangapo, mizere yonse imasiya kuseketsa eni ake, ndipo apa ndi pomwe ambiri amayamba kusintha zinthu zabwinobwino chifukwa chongotopa nazo. Chofunika ndi kuitana anthu awiri kapena atatu amene sanamvepo nkhaniyo, osawauza kanthu, wolemba n'kukhala pambali ndi pensulo akuyang'ana nkhope zawo osati ochita sewero. Akaseka pa juzi kuposa pa mawu omaliza, ndiye kuti bata la kumapeto lathamangitsidwa, kapena Mesenjala wameza mawu. Wina akanena kuti "ndi telala ameneyo" Bambo asanadzuke, ndiye kuti wochita Bambo wakokomeza za msoko, achepetse. Akafunsa pamapeto kuti "ndiye zinatha bwanji?", vuto ndi lalikulu: lamulo silinamveke poyamba, ndipo kukonza kwake kuli pa mizere iwiri yoyambirira, osati pa womaliza.

Amene akufuna kuchita kasewero aka, kapena kena kofanana nako, paphwando la kuntchito kwawo asamale chinthu chimodzi. Asatchule dzina la munthu weniweni kapena dipatimenti yeniyeni, asatengere kayendedwe kapena katsokomoledwe ka bwana wawo, ndipo jekete akabwereke kwa mnansi kapena akagule la kaunjika. La bwana weniweni alisiye pampando pomwe lili.